Mabokosi 35 a mankhwala a bipi akanidwa deti lisanakwane: ndinalakwitsa pati posanja?

"Amayi, ndimagwira ntchito kusitolo ya mankhwala pa famase ina ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo ndikuphunzira ntchito yothandizira afamasisiti. Katundu watsopano akabwera ndimamuika kumbuyo, wakale kutsogolo, monga anandiuzira tsiku loyamba. Koma kumayambiriro kwa Malichi afamasisiti akana mabokosi 35 a amulodipini olembedwa EXP 03/2026, ati sangaperekedwenso, pomwe mwezi sunathe n'komwe. Timatulutsa mabokosi pafupifupi 25 pamwezi. Abwana akuti vuto ndi langa ndipo andidula malipiro. Ndinalakwitsa pati, nanga ndizisanja bwanji?"

Achimwene, mtima ukhale pansi. Mankhwalawo agwidwa akadali pashelefu, palibe wodwala amene wapita nawo kunyumba, ndipo afamasisiti anuwo achita bwino kuwakana. Lamulo limene anakupatsani tsiku loyamba lija si labodza, kungoti ndi loperewera. Limagwira ntchito pokhapokha ngati katundu amene wafika lero ali ndi deti lakutali kuposa amene anafika mwezi watha. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, n'chifukwa chake anthu amakhala zaka akusanja motero osaona vuto. Koma tsiku limodzi holoselo imakutumizirani bachi, ndiye kuti gulu la mankhwala opangidwa nthawi imodzi, imene yakhalitsa kunkhokwe yawo, kapena abwana amagula pamtengo wotsika mankhwala amene deti lawo layandikira, ndipo bachi yongofika kumeneyo imakhala yoyamba kutha mphamvu. Inu mukaikankhira kumbuyo poti ndi yatsopano, mwaiika pamalo pomwe dzanja lidzafike mochedwa.

Mayi wogulitsa tomato pamsika wa ku Yeoville safunsa kuti dengu liti linafika loyamba. Amayang'ana tomato amene wapsa kwambiri, ndiye amamuika pamwamba pa mulu. Kusitolo ya mankhwala n'chimodzimodzi: chimene chimalamula malo a bokosi pashelefu ndi deti lolembedwa pabokosilo, osati tsiku limene galimoto inalibweretsa. M'malamulo a ntchito olembedwa a pa famase panu mudzaipeza njirayi ndi zilembo zakuti FEFO, kutanthauza kuti choyamba kutha mphamvu ndicho choyamba kutuluka, pomwe imene mwakhala mukutsatirayo imalembedwa FIFO, kutanthauza kuti choyamba kufika ndicho choyamba kutuluka.

Tiyeni tiyende ndi mabokosi anu omwewo kuti muone pamene anatayikira. Tiyerekeze kuti pa 1 Disembala 2025 pashelefu panali mabokosi 50 a amulodipini wa mamiligalamu 5, bokosi lililonse la mapiritsi 30, olembedwa EXP 11/2026. Tsiku lomwelo pafika mabokosi ena 60 olembedwa EXP 03/2026. Inu mwaika 60 aja kumbuyo. Disembala watenga 25 a kutsogolo, Januwale watenga 25 otsalawo. Pofika Febuluwale m'pamene dzanja lafika pa bachi ya Malichi, ndipo mwezi umenewo patuluka 25. Pa 1 Malichi pashelefu patsala 35, ndiwo amene akanidwawo.

Tsopano tembenuzani. Mukanawerenga deti pa 1 Disembala pomwepo n'kuika 60 aja kutsogolo, Disembala akanatenga 25, Januwale 25, ndipo 10 otsala akanatha Febuluwale asanafike n'pakati pomwe. Kenako mukanabwerera ku 50 akale aja, amene akanakufikitsani mkati mwa Epulo, deti lawo la Novembala likadali kutali. Odwala omwewo, mabokosi omwewo 110, osatayapo ndi limodzi lomwe. Kusiyana konse kunali pa mphindi ziwiri zija zimene katoni inatsegulidwa.

Za chifukwa chimene awakanira mwezi usanathe, apa m'pamene ambiri ongoyamba ntchito amadabwa. Pabokosi pakalembedwa mwezi ndi chaka chokha pambuyo pa EXP, mankhwalawo amakhala ovomerezeka kufikira tsiku lomaliza la mweziwo, ndiye kuti pa 31 Malichi. Koma wodwala bipi samwa bokosi lonse tsiku limodzi. Amamwa piritsi limodzi patsiku kwa masiku 30. Mukamupatsa pa 10 Malichi, piritsi lomaliza adzalimwa pa 8 Epulo, ndipo mapiritsi 8 omalizirawo adzakhala atadutsa deti. Onjezerani apo kuti odwala ambiri amabwera kudzatenga mankhwala akadali ndi ena kunyumba, moti bokosi latsopanolo amaliyamba patapita masiku angapo. Choncho deti limene inu muyenera kukhala nalo m'mutu si lolembedwa pabokosi lokha ayi, koma deti limenelo kuchotsapo masiku amene wodwala adzakhale akumwa. Kwa mankhwala a mwezi ndi mwezi, monga a bipi, a shuga ndi otalikitsa moyo, bokosi la EXP 03/2026 liyenera kukhala litatuluka pofika kumapeto kwa Febuluwale. Mankhwala omwa masiku 5 okha angathe kutulukabe mkati mwa Malichi popanda vuto, bola afamasisiti aone kuti wodwala amaliza deti lisanakwane.

Kuchokera pamenepa pamatuluka kasamu kakang'ono kamene ndimafuna aliyense wolandira katundu azikachita ali chiimire pakhomo. Werengani miyezi imene yatsala kufikira tsiku lomaliza loperekera, muchulukitse ndi mabokosi amene amatuluka pamwezi. Pa bachi yanu ija miyezi inali itatu, Disembala, Januwale ndi Febuluwale, kuchulukitsa ndi 25, yankho ndi 75. Mabokosi amene anafika anali 60, ochepera 75, ndiye kuti anali oti n'kulandiridwa bola apite kutsogolo. Koma akanafika 100, ngakhale mukanasanja bwino chotani, 25 akanatsalabe. Apa ndi pamene kusanja kumathera mphamvu yake: shelefu singachulukitse odwala. Mabokosi oonjezerawo amayenera kuonedwa tsiku lofika, n'kuwadziwitsa afamasisiti kuti alankhule ndi holoselo nthawi ikadalipo. Maholoselo amakhala ndi masiku ochepa amene amalola kubweza katundu kapena kudandaula za deti lalifupi, ndipo masikuwo akadutsa zimavuta kuti akumvereni. Funsani kuti amene amakubweretserani katundu amapereka masiku angati, mulembe papepala, mumate pakhoma pamalo olandirira katundu.

N'chifukwa chake ine ndimati ntchito yosanja imayambira pakhomo, osati pashelefu. Katoni kapena bokosi lapulasitiki la holoselo likafika, musasainire invoisi pongowerenga kuchuluka kwa mabokosi. Tulutsani mtundu umodzi wa mankhwala, muuike patebulo mbali ya deti ikuyang'ana kumwamba, muwerenge bokosi lililonse. Ndikuti lililonse, chifukwa mabokosi 20 a mankhwala amodzi angathe kukhala a mabachi awiri: wopakira kuholoselo wamaliza bachi yakale ndi mabokosi 7, n'kukwaniritsa ndi 13 a bachi ina. Mukangoona bokosi lapamwamba lokha, 7 aja adzalowa pashelefu mobisala. Mtolo womangidwa ndi pulasitiki kuchokera kufakitale nthawi zambiri umakhala wa bachi imodzi, koma mabokosi oyendayenda okhaokha ndi amene amafuna maso.

Kuwerenga deti nakonso kuli ndi misampha yake. Pakachivundikiro ka bokosi pamakhala mizere iwiri kapena itatu yoyandikana: nambala ya bachi yolembedwa BN kapena LOT, deti lopangira lolembedwa MFD kapena MFG, ndi deti lothera lolembedwa EXP. Makampani ena samadinda ndi inki, amangosindikiza manambala polowetsa m'kapepala, moti m'sitolo ya kuwala kochepa 3 amaoneka ngati 8, ndipo 6 amaoneka ngati 5 kapena 8. Tengani tochi ya foni, muunike cham'mbali, kuwala kudutse mopendekeka pamwamba pa manambalawo. Mithunzi yake imatulutsa nambala iliyonse bwinobwino. Ngati mukukayikabe, tsegulani bokosi muone m'mphepete mwa kachipepala ka siliva kosungira mapiritsi, poti deti lomwelo limadindidwanso pamenepo. Pa machubu a mafuta opaka limakhala kumchira kopindidwa kuja. Palinso mabokosi olembedwa chaka poyamba, monga 2026-03, ndi ena ofupikitsa kuti 03 26. Munthu wothamanga angaone 03 26 n'kuganiza za tsiku la 26. Ndipo ngati pabokosi palembedwa mawu achingerezi otanthauza kuti agwiritsidwe ntchito mwezi wakuti usanafike, musaganize nokha kuti akutanthauza kumapeto kwa mwezi, afunseni afamasisiti chifukwa kalembedwe kameneko kamawerengedwa kuti athera kumapeto kwa mwezi wam'mbuyo.

Mukamaliza kuwerenga, pitani pashelefu musanatenge katundu watsopanoyo, muone madeti a amene alipo kale. Kenako tulutsani onse, akale ndi atsopano, muwabwezere motsatira deti: loyandikira kutsogolo, lakutali kumbuyo. Ndikudziwa kuti pa Lolemba m'mawa, makatoni 15 ali pansi ndipo kukauntala kuli mzere, mtima umafuna kungolowetsa mabokosi pamene pali mpata. Koma mpata umapezeka kutsogolo nthawi zonse, poti ndi kumene anthu amatenga. Uku ndiye kulakwitsa kwina kofala kuposanso kwanuku: wa deti lakutali amakhala kutsogolo chifukwa choti kunali malo, ndipo wakale amakankhidwira kukhoma mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lowerenga sitoko. Ngati nthawi palibe, ndi bwino katoni idikire pamalo olandirira kufikira masana kusiyana n'kuilowetsa mosawerenga. Za m'furiji zokha ndizo sizidikira, zimalowa nthawi yomweyo.

Mawu akuti kutsogolo ayenera kutanthauza chinthu chimodzi kwa aliyense wogwira ntchito pamalopo. Pashelefu yakuya ndi kutsogolo kwenikweni. Pamene mabokosi asanjikizana, wa deti loyandikira akhale pamwamba. Pamene ali m'mizere yoyandikana, gwirizanani kuti mumayambira kumanzere kapena kumanja, ndipo zikhale choncho mashelefu onse. Ndaona masitolo amene wosanja amaika wa deti loyandikira kumanzere, koma wopereka mankhwala, poti amalowa chitseko cha kumanja, amangotenga chimene dzanja lafikira. Onse awiri akugwira ntchito mokhulupirika, koma mankhwala akuthera pashelefu. Imani pamene wopereka mankhwala amaima, mutambasule dzanja osaganiza: bokosi limene mwagwiralo ndilo liyenera kukhala la deti loyandikira. Mabachi awiri asiyanitseni ndi kachidutswa ka katoni pakati, kapena mangani bachi yodikira ndi labala kuti munthu asaiyambe mwangozi. Mbali ya deti iyang'ane kunja ngati bokosi likulola, ndipo pamakatoni akuluakulu lembani deti ndi cholembera chachikulu pambali yooneka. Pabokosi lopita kwa wodwala musalembe kapena kumata chilichonse pamwamba pa dzina la mankhwala, nambala ya bachi kapena deti.

Chinthu china chimene chimawononga kusanja kwabwino ndi kukhala ndi mankhwala amodzi malo atatu. Ena ali kusitolo, ena ali pashelefu ya koperekera mankhwala, ndipo katoni imene inasowa malo ili pamwamba pa kabati kapena pansi pa tebulo. Mungasanje bwino shelefu iliyonse payokha, koma ngati koperekera kuli EXP 11/2026 pomwe m'katoni ya pamwamba pa kabati muli EXP 06/2026, simunachite kanthu. Lamulo lake ndi loti bachi ya deti loyandikira pa famase yonse ndiyo ikhale pafupi ndi wodwala. Nthawi zina zimenezi zimatanthauza kuchotsa mabokosi koperekera n'kuwabwezera kusitolo kuti apereke malo kwa amene angofika. Zimaoneka ngati ntchito yobwerera m'mbuyo, koma ndi mmene 60 anu aja akanapulumukira. Katoni ikasowa malo, siyani kapepala pashelefu yake yeniyeni konena kumene ili, kuchuluka kwake ndi deti lake.

Musadalire kompyuta pankhaniyi musanaiyese. Kachizindikiro ka mizeremizere kamene mumasikana pabokosi kamauza kompyuta dzina la mankhwala ndi kukula kwa paketi, ndipo kamakhala kofanana pa mabachi onse. Kompyuta imadziwa kuti muli ndi mabokosi 110, koma ngati palibe amene analowetsa bachi ndi deti polandira katundu, sidziwa kuti 60 mwa iwo akutha mu Malichi. Mabokosi ena masiku ano ali ndi kachizindikiro kena ka madonthomadontho kamene kamasunga bachi ndi deti, koma si makina onse amene amakawerenga. Funsani afamasisiti ngati pulogalamu yanu ili ndi malo olowetsa deti komanso ngati imatulutsa lipoti la mankhwala oyandikira kutha. Ngati ilibe, kabuku wamba kamakwanira. Tsamba lililonse likhale la mwezi umodzi. Bachi iliyonse imene yatsala ndi miyezi 6 kapena kucheperapo ilembedwe pa tsamba la mwezi umene ikuthera: dzina, mphamvu yake, nambala ya bachi, kuchuluka, ndi pamene ili. Tsiku loyamba la mwezi mutsegule masamba atatu a kutsogolo, mupite pashelefu, muwerenge zotsala, muchite kasamu kaja. Mukanakhala ndi kabuku kotere, pa 1 Januwale mukanapeza kuti mabokosi 60 a Malichi sanasunthe ndi limodzi lomwe, ndipo miyezi iwiri yotsalayo ikanatulutsa 50. Mukanataya 10 m'malo mwa 35.

Ambiri amamata timapepala ta mitundu pamabokosi oyandikira kutha, kofiira kwa miyezi itatu, kachikasu kwa miyezi 6. N'zothandiza kwa wopereka mankhwala amene ali pachangu, koma zimafuna munthu wozisintha mwezi uliwonse, apo ayi kachikasu ka chaka chatha kamakhalabe kachikasu mankhwala atatha kale. Ine ndimakonda kulemba mwezi ndi chaka pakapepalapo kusiyana n'kudalira mtundu wokha. Ndipo musayese kuyendera sitolo yonse tsiku limodzi. Igaweni zigawo zinayi, chigawo chimodzi sabata iliyonse, musainire papepala kuti mwaona. Maso otopa amadumpha madeti.

Mabokosi otsegulidwa amafuna chisamaliro chapadera. Dokotala akalemba mapiritsi 14 kuchokera m'bokosi la 30, otsala 16 amakhala m'bokosi lawo lomwelo, bokosilo lilembedwe chizindikiro choti ndi lotsegula, ndipo likhale patsogolo pa bachi yake. Musathire zotsala za bokosi lina m'bokosi la bachi ina pofuna kusunga malo, chifukwa deti la pabokosi lidzanamiza za zimene zili mkati, ndiponso kampani kapena bungwe la SAHPRA, loyang'anira mankhwala m'dziko lino, likaitanitsa bachi inayake kuti ibwezedwe, simudzaipeza. Podula kachipepala ka siliva, wodulayo aonetsetse kuti mbali yotsala pashelefu sinataye deti ndi nambala ya bachi. Kachidutswa ka mapiritsi anayi kopanda deti kopezeka pansi pa dirowa sikaperekedwa kwa munthu, ngakhale kakuoneka bwino. N'chimodzimodzi ndi zitini zikuluzikulu za mapiritsi 500 kapena 1000: chitini chakale chithe kaye, ndipo zotsala zake zisakhuthulidwire m'chatsopano.

Pali nthawi zimene bokosi lakutsogolo si loyenera kupita, ndipo yodziwika kwambiri kwa ife ndi ya Disembala. Abale athu akamakwera basi kupita kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, ena amatenga mankhwala a miyezi iwiri kapena itatu ngati kalata ya dokotala ikulola. Munthu wotenga mabokosi atatu pa 10 Disembala adzamaliza cha pa 9 Malichi ngati ayamba tsiku lomwelo. Bachi ya EXP 03/2026 ikumukwanira, koma ya EXP 01/2026 ayi, ngakhale ndiyo ili kutsogolo. Zikatero afamasisiti amadumpha mzere n'kutenga ya deti lakutali, kapena amapereka bokosi limodzi la deti lalifupi ndi awiri a lakutali, n'kumulembera wodwala kuti ayambe liti. Mukaona bachi yakumbuyo yachepa, musafulumire kuganiza kuti wina wasokoneza shelefu yanu. Mankhwala omwa pokhapokha vuto likabwera, monga kopopera mkamwa ka mphumu, nawonso amafuna deti lakutali chifukwa amakhala m'chikwama miyezi yambiri.

Deti la pabokosi limakhala loona pokhapokha mankhwala asungidwa mmene palembedwera. Ambiri amafuna kutentha kosapitirira madigiri 25, ndipo m'chilimwe cha kuno, mu Disembala ndi Januwale, kachipinda ka kumbuyo kopanda mpweya wozizira kamadutsa pamenepo mosavuta, makamaka shelefu yapamwamba pafupi ndi denga. M'furiji muyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo kutenthako kumalembedwa kawiri patsiku. Posanja insulini ndi katemera motsatira deti, musakankhire a deti lakutali mpaka kukhudza khoma la kumbuyo, poti kumeneko ndiko zimaundana, ndipo insulini youndana yawonongeka ngakhale deti lake litakhala la zaka ziwiri kutsogolo. Gwiritsani ntchito timadengu ta mabowo, kadengu kamodzi bachi imodzi, deti lilembedwe kunja, kuti chitseko chisakhale chotsegula inu mukuwerenga. Magetsi akazima kwa maola angapo ndipo furiji yadutsa madigiri 8, musasankhe nokha kuti izi zili bwino kapena zitayidwe. Lembani nthawi ndi kutentha kumene kunafika, zonse zikhale padera m'furiji yozizira bwino, afamasisiti afunse kampani yopanga.

Nanga 35 ali pamenepowo? Achotseni pashelefu lero, muwaike m'katoni yolembedwa bwino kuti si operekedwa, pamalo apadera, ndi pepala la dzina, bachi, deti ndi kuchuluka. Afamasisiti ndi amene angayese kufunsa holoselo ngati ingawalandire, ngakhale kuti deti litayandikira chonchi mwayi umakhala wochepa. Akakanika, amachotsedwa m'mabuku a sitoko n'kudikira kampani yovomerezeka yowononga zinyalala za kuchipatala, imene imasiya chikalata chosonyeza kuti yatenga. Sapita m'bini ya zinyalala wamba, ndipo sathiridwa m'chimbudzi kapena m'sinki. Ndinene poyera chinthu chimene chimabwera m'mitima ya ambiri a ife: kumudzi kuli amayi kapena amalume odwala bipi, mabokosi ali apa akukatayidwa, ndipo basi ikunyamuka Loweruka. Musatero, achimwene. Kutulutsa mankhwala a kalata ya dokotala popanda kalatayo ndi mlandu, kungakuchotseni ntchito ndi kukufufutitsani m'kaundula wa bungwe la SAPC, loyang'anira ogwira ntchito m'mafamase, musanamalize n'komwe maphunziro, ndipo m'bale wanuyo adzamwa mankhwala amene palibe wamuyeza kuti ndi omuyenera, atadutsa deti, ataphikidwa ndi dzuwa la ku Tete m'chikwama. Mankhwala a m'gulu la S5 ndi S6, monga ena ogonetsa ndi ochepetsa ululu waukulu, ndiye ali ndi malamulo okhwima kwambiri pa kasungidwe ndi kawonongedwe. Akatha mphamvu musawasunthe nokha kuchoka pamene amatsekeredwa, uzani afamasisiti basi.

Za malipiro, lamulo la ntchito la dziko lino la 1997 silola bwana kungodula ndalama chifukwa cha katundu wowonongeka. Pamafunika kuti pakhale umboni woti vuto ndi lanu, mupatsidwe mpata wofotokoza mbali yanu, muvomereze molemba, ndipo zodulidwazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu. Musasainire pepala lililonse musanaliwerenge modekha, ndipo zikavuta pitani ku ofesi ya boma yoona za ntchito kapena ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, mukafunse. Pa famase iliyonse pali famasisiti wamkulu amene lamulo limamuika kukhala woyankha pa kasungidwe ka mankhwala, ndipo payenera kukhala malamulo olembedwa a kalandiridwe ndi kasanjidwe ka katundu. Pemphani kuti akuonetseni. Ngati akunena za FEFO koma inu munaphunzitsidwa zina, nenani zimenezo mwaulemu. Pitani kukakambirana mutanyamula invoisi ya bachi ija, chifukwa idzasonyeza kuti mankhwalawo anafika atatsala ndi miyezi ingati, ndipo funso loti ndani anavomereza kugula deti lalifupi chotero si la inu nokha.

Musanapite kumeneko, chitani chinthu chimodzi sabata ino. Tengani mankhwala 20 amene amatuluka kwambiri, muwerenge madeti ake malo onse amene ali, kusitolo, koperekera ndi m'makatoni oikidwa padera, muchite kasamu kaja pa bachi iliyonse ya miyezi 6 kutsika. Kenako chitani chimodzimodzi ndi amene amatuluka kamodzikamodzi, monga madontho a m'maso, majekeseni ndi za m'bokosi la ngozi zadzidzidzi, poti amenewo amatha mphamvu ngakhale pali bachi imodzi yokha. Mukapeza bokosi limene ladutsa kale deti lili koperekera, musangolichotsa mwakachetechete. Auzeni afamasisiti tsiku lomwelo, kuti aone m'kompyuta amene analandira mankhwalawo kuyambira pamene deti linayandikira, awaimbire foni ndi kuwasinthira. Chimodzimodzi mukapeza bokosi la deti lofufutika, lomatidwa kapepala kena pamwamba, kapena limene deti la kunja likusiyana ndi la pakachipepala ka siliva mkati: liikeni padera ndi mabokosi onse a bachi yomweyo, afamasisiti adziwitse holoselo ndi SAHPRA.